Oda ya matisheti 60 imene inatumizidwa isanachoke m'shopu

Lipoti ili likufotokoza ntchito imene ndinagwira pa shopu ina yosindikiza ndi kupeta zovala mumzinda wa Lilongwe, kumene ndinaitanidwa kuti ndikakonze kalondolondo wa maoda, kuyambira pamene oda yalandiridwa mpaka pamene katundu wafika m'manja mwa mwini wake. Sinditchula shopuyo kapena anthu ake. Ndalilemba chifukwa cha anzanga amene amakonza dongosolo la ntchito m'mabizinesi ang'onoang'ono, pakuti vuto limene ndinalipeza kumeneko ndalionanso kwa osoka zovala ndi kwa opala matabwa, ndipo ine mwini ndinalakwitsa kaye ndisanapeze njira imene inakhazikika.

Shopuyo imasindikiza matisheti, zipewa ndi nsalu za misonkhano, komanso imapeta zizindikiro pa mayunifomu a sukulu. Inali ndi anthu asanu ndi mmodzi: mayi mwini shopu, mtsikana wa pa kauntala, wojambula pa kompyuta, osindikiza awiri, ndi mnyamata wopakira katundu amene amakasiyanso mitolo ku depoti. Maoda ambiri ankabwera pa WhatsApp, dipoziti inkalipiridwa pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo katundu wa makasitomala a ku Mzuzu, Blantyre ndi m'maboma ankakwezedwa basi.

Chimene chinachititsa kuti ndiitanidwe chinali oda ya gulu la amayi a mpingo wina ku Mzuzu. Anaoda matisheti 60 oti akavale pa msonkhano wa Loweruka. Lachinayi madzulo mlembi wa gululo anafunsa pamene ntchito yafika, ndipo mtsikana wa pa kauntala atayang'ana m'kope anayankha kuti, "Zatumizidwa, mayi." Lachisanu m'mawa mlembiyo anapita ku depoti ku Mzuzu n'kudikira mpaka masana. Ataimba foni, m'shopu munayamba kufunsana, ndipo mtolowo unapezeka pakona pafupi ndi chitseko, utamangidwa bwino, dzina litalembedwa. Unakwera basi ya usiku n'kufika Loweruka m'mawa, amayi ena atanyamuka kale kupita ku msonkhano. Mlembiyo anauza mwini shopu kuti kuchedwa akanakupirira, koma chimene chinamuwawa n'chakuti iye anali atatsimikizira anzake kuti katundu ali m'njira.

Mwini shopu ankaganiza kuti wina ananama, ndipo pondiitana anali atatsala pang'ono kuchotsa mtsikanayo ntchito. Ndinapempha kuti andilole kukhala m'shopumo sabata imodzi ndisananene kanthu.

Zimene ndinapeza m'kope

Kope la maoda linali ndi malo atatu ochongamo pa oda iliyonse: yalandiridwa, ikukonzedwa, yatumizidwa. Nditafunsa aliyense payekha tanthauzo la mawu omalizawo, ndinamva mayankho osiyana. Kwa osindikiza, oda yatumizidwa ikachoka pa tebulo lawo kupita kwa wopakira. Kwa wopakira, yatumizidwa akamanga mtolo n'kuuika pakona podikira ulendo wa ku depoti, ndipo ndi iye anachonga m'kope Lachinayi lija, ali ndi cholinga chopita ku depoti madzulo omwewo, koma anatumidwa kukagula inki. Kwa mtsikana wa pa kauntala ndi kwa kasitomala, yatumizidwa imatanthauza kuti ili m'basi. Palibe amene ananama. Mawu amodzi ankanyamula zochitika zitatu, ndipo aliyense ankawerengamo chake.

Mawu apakati aja anali ndi vuto lalikulu kuposa pamenepo. Tsiku lachitatu ndinawerenga maoda onse amene anali asanathe, ndipo analipo 41. Mwa amenewa, 29 anali ochongedwa kuti akukonzedwa. Ndinawalondola mmodzimmodzi, ndikufunsa kuti katundu wake ali pati ndipo akudikira chiyani. Maoda 11 ankadikira kuti kasitomala avomereze chithunzi chimene wojambula anamutumizira. Maoda 6 ankadikira dipoziti, 4 ankadikira matisheti osalemba amene anali asanagulidwe, 3 anali atatha kale koma palibe amene anasintha m'kope, ndipo 5 okha ndi amene ankasindikizidwadi. Motero kasitomala akamva kuti oda yake ikukonzedwa, nthawi zambiri panalibe dzanja limene linkaigwira.

Maoda 11 aja ndi amene anandikhudza kwambiri. Makasitomala ake ankakhala phee poganiza kuti shopu ili pa ntchito, shopu nayonso inkakhala phee podikira yankho lawo. Mmodzi anali mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina amene chithunzi chinamufika pa foni masiku 9 m'mbuyomo, anachiona n'kukondwa nacho, koma sankadziwa kuti ayenera kuyankha kuti ntchito iyambe. Tsiku limene akanabwera kudzatenga mayunifomu, mkangano ukanabuka, ndipo onse awiri akanakhala ndi zifukwa zomveka.

Kuyesa koyamba kumene kunalephera

Nditaona kuti magawo atatu akubisa zambiri, ndinapita mbali inayo. Ndinalemba magawo 14 pa Google Sheets, ndikupatsa dzina chochitika chilichonse chimene ndinachiona: kudikira dipoziti, dipoziti yalowa, kugula nsalu, kukonza sikirini, kusindikiza, kuyanika, kuwerenga, ndi zina zotero. Ndinkaganiza kuti magawo akachuluka, chithunzi cha ntchito chidzaoneka bwino. Patatha sabata ziwiri ndinabwerera n'kupeza kuti osindikiza amasintha magawo awo onse nthawi imodzi poweruka, chifukwa munthu amene manja ake ali ndi inki sangagwire foni kanayi pa oda imodzi. Ndinapezanso maoda amene sankakwana paliponse. Oda ya kasitomala wodalirika imene inayamba kusindikizidwa dipoziti isanalowe inkayenera kukhala pa magawo awiri nthawi imodzi, ndipo mtsikana wa pa kauntala ankasankha limodzi mongoganizira.

Amene ananditsegula maso anali wamkulu mwa osindikiza aja. Anandiuza mwaulemu kuti, "Bambo, kuyanika ndi kusindikiza n'kwa ine ndemwe. Wofunsa amangofuna kudziwa ngati zili kwa ine kapena zachoka." Pamenepo ndinazindikira kuti ndinali kulemba ndondomeko ya kapangidwe ka tisheti, pamene funso limene anthu amafunsa tsiku lonse ndi lakuti oda ili m'manja mwa ndani. Ndinafufuta magawo 14 aja n'kuyambanso ndi muyeso umodzi wokha: gawo latsopano liyambe pokhapokha oda yachoka m'manja mwa munthu wina kupita kwa wina, ndipo pakhale chinthu chooneka chotsimikizira kuti yachokadi.

Magawo amene anatsala

Ndi muyeso umenewo tinatsala ndi magawo 7, ndipo mayina ake tinawasankha tili tonse pamodzi, m'mawu amene ogwira ntchito ankalankhula kale.

```
YALANDIRIDWA
IKUJAMBULIDWA
IKUDIKIRA KASITOMALA
IKUSINDIKIZIDWA
YAPAKIRIDWA
ILI PA ULENDO
YAFIKA
```

Oda imakhala `YALANDIRIDWA` pamene wa pa kauntala walemba chiwerengero, masaizi, mtundu ndi tsiku lofunikira, n'kuipatsa nambala. Uthenga wa pa WhatsApp wongofunsa mtengo si oda, ndipo sulowa m'ndandanda. Wojambula akaitenga imakhala `IKUJAMBULIDWA`, ndipo akatumiza chithunzi imapita pa `IKUDIKIRA KASITOMALA`, gawo limene linatulutsa poyera maoda 11 aja. Sichoka pamenepo popanda uthenga wolembedwa wovomereza, chifukwa kuvomereza kwa pakamwa pa foni sikusiya umboni dzina la sukulu likadzapezeka litalembedwa molakwika pa malaya 200.

Mawu akuti "yatumizidwa" tinawachotseratu. M'malo mwake muli magawo awiri amene sangasokonezeke: `YAPAKIRIDWA` ikutanthauza kuti katundu wawerengedwa, wamangidwa, koma akadali m'shopu, pamene `ILI PA ULENDO` ikutanthauza kuti wachoka ndipo pali risiti ya onyamula. Kasitomala wa mu Lilongwe wodzatenga yekha amadumpha gawo la ulendo. Kupatula magawo 7 amenewa pali `YATHETSEDWA`, limene silili m'njira ya ulendowo koma ndi khomo lotulukira pa gawo lililonse, ndipo amene amaloledwa kulisankha ndi mwini shopu yekha, chifukwa limakhudza kubweza ndalama.

Chisankho chimene ndikuona kuti chinali chofunika koposa ndi cha amene amasintha gawo. Poyamba aliyense ankasintha akamaliza mbali yake, ndipo umo ndi mmene mtolo wa ku Mzuzu unachongedwera usananyamuke, pakuti munthu womaliza ntchito amachonga zimene akufuna kuchita ngati kuti wachita kale. Tinatembenuza lamulolo kuti wolandira ndiye azisintha. Oda imakhala `IKUSINDIKIZIDWA` wosindikiza akatenga chithunzi chovomerezedwa ndi matisheti ake, osati wojambula akanena kuti wamaliza. Imakhala `YAPAKIRIDWA` wopakira akawerenga yekha n'kupeza kuti chiwerengero chikugwirizana. Pa magawo awiri omaliza wolandira ali kunja kwa shopu, choncho umboni ndi umene umaimira dzanja lake. Wopakira amajambula risiti ya ku depoti n'kutumiza kwa wa pa kauntala, ndipo ameneyo ndiye amasintha gawo atalemba nambala ya risitiyo. Wopakira poyamba anaona ngati tikumukayikira, koma anadzamvetsa kuti risitiyo ikumutetezanso iye mtolo ukasochera panjira.

Ndalama tinazichotsa m'ndandanda wa magawo n'kuzipatsa kolamu yakeyake yokhala ndi mawu atatu: `SANALIPIRE`, `DIPOZITI`, `WAMALIZA`. Chifukwa chake n'chakuti ndalama ndi katundu siziyenda mofanana. Wina amalipira zonse tsiku loyamba, wina amamaliza katundu atapakiridwa, ndipo sukulu zina zimalipira katundu atafika. Kuzisakaniza ndi kumene kunkachititsa oda imodzi kufuna magawo awiri. Zikakhala padera, malamulo a shopu amalembeka mosavuta: oda sipita kwa osindikiza ili pa `SANALIPIRE`, ndipo sichoka m'shopu isanafike pa `WAMALIZA`, pokhapokha mwini shopu atalemba yekha chilolezo pa mzere wa odayo. Chimodzimodzinso zotchinga monga kusowa kwa matisheti a saizi ina kapena kuthima kwa magetsi: sitinazisandutse magawo, koma tinaika kolamu ya chotchinga mmene mumalembedwa chifukwa m'mawu ochepa, oda ili pa gawo lake lomwelo.

Kudziwa oda imene yaima

Dzina la gawo palokha silinena ngati zinthu zili bwino. Oda imene yakhala pa `IKUDIKIRA KASITOMALA` kuyambira m'mawa ilibe vuto, koma imene yakhalapo masiku 9 ndi mkangano umene ukubwera. Choncho pambali pa gawo, limene linali mu kolamu F, tinaika tsiku limene oda inalowera pa gawolo mu kolamu G, ndi kolamu ina yowerenga masiku.

```
=TODAY()-INT(G2)
```

Apa panachitika cholakwika chimene anzanga ayenera kuchidziwa. Pofuna kufulumira, wa pa kauntala anayamba kulemba `=TODAY()` mu kolamu G m'malo molemba tsiku lenileni. Fomula imeneyi imasintha tsiku lililonse, motero maoda onse amene iye anasintha ankaonetsa masiku 0 mpaka kalekale. Chizindikiro chake n'chosavuta: mukaona maoda ambiri akuonetsa 0 m'mawa anthu asanayambe n'komwe ntchito, dinani pa tsikulo muone ngati muli fomula. Tinathetsa vutoli ndi kachidutswa ka Apps Script, njira yolembera mapulogalamu ang'onoang'ono mu Google Sheets, kamene kamalemba kokha nthawi gawo likasinthidwa.

```
function onEdit(e) {
  if (e.range.getColumn() === 6) {
    e.range.offset(0, 1).setValue(new Date());
  }
}
```

Malire ake ndi akuti kamafufuta tsiku lakale nthawi iliyonse, choncho kamanena pamene oda ili lero koma sikasunga mbiri ya mmene inayendera. Mbiriyo tinaisunga pa pepala. Oda iliyonse ili ndi kakhadi kamene kamayenda ndi katundu weniweni, ndipo wolandira amasainapo ndi kulemba tsiku. Kakhadi komweko ndi kamene kamathandiza magetsi kapena intaneti zikasowa.

Gawo lililonse tinalipatsa masiku ake, ndipo oda ikapitirira masikuwo mzere wake umafiira. Kudikira kasitomala tinakupatsa masiku 2, kenako wa pa kauntala aimbe foni, osati kutumizanso uthenga. `YAPAKIRIDWA` tinaipatsa tsiku limodzi kwa katundu wokwera basi. M'mawa uliwonse mwini shopu amangoyang'ana mizere yofiira, ndipo popeza gawo limatchula kale amene oda ili m'manja mwake, sakhalanso akuitana anthu onse kudzafunsana.

Zimene kasitomala amauzidwa

Makasitomala sitinawapatse magawo onse 7. Amalandira uthenga kanayi: oda ikalandiridwa, chithunzi chikamadikira yankho lawo, katundu akakonzeka kutengedwa kapena akakwera basi, ndi pofunsidwa ngati walandira. Ndinalimbikira kuti uthenga uliwonse uzinena zimene zachitika, amene akuyembekezeka kuchitapo kanthu, ndi tsiku. Wa chithunzi umati: "Mayi, chithunzi cha oda 0412 ndi ichi. Sitiyamba kusindikiza mpaka mutayankha kuti INDE. Mukayankha lero, katundu adzakonzeka Lachinayi." Chiganizo chapakaticho ndi chimene mphunzitsi wamkulu uja sanauzidwe. Uthenga wa ulendo umatchula basi, nthawi imene yanyamuka ndi nambala ya risiti, kuti munthu asapite ku depoti ndi dzina lake lokha.

Mwini shopu ankafuna kuti makasitomala aziuzidwanso oda ikabwerera m'mbuyo, mwachitsanzo matisheti akapezeka ndi inki yofalikira n'kubwerera kuchoka kwa wopakira kupita kwa osindikiza. Tinagwirizana kuti kubwerera kuloledwe m'ndandanda, chifukwa chake chilembedwe pa kakhadi, koma kasitomala auzidwe pokhapokha tsiku limene analonjezedwa likusintha. Kuletsa kubwerera, monga mmene ena amachitira kuti ndandanda ioneke yaudongo, kumangochititsa kuti oda ilembedwe `YAPAKIRIDWA` katundu ali pa makina.

Mwezi wachiwiri panabwera mlandu umene sindinaukonzekere. Sukulu ina inaoda malaya 120, koma saizi yaing'ono inasowa kwa ogulitsa, ndipo 90 anatha pamene 30 ankadikira. Mphunzitsi anapempha kuti amene atha atsogole. Wa pa kauntala anaika odayo pa `ILI PA ULENDO`, kenako `YAFIKA`, mzere wake n'kuchoka pa maoda osatha, ndipo malaya 30 aja anaiwalika mpaka sukuluyo itafunsa patapita sabata ziwiri. Vutoli linali la kakonzedwe kanga, chifukwa mzere umodzi sungakhale pa magawo awiri. Tinakhazikitsa lamulo lakuti katundu akagawika, odanso igawike nthawi yomweyo m'mizere iwiri, `0457-A` ndi `0457-B`, uliwonse ndi chiwerengero chake, gawo lake ndi kakhadi kake, koma ndalama zizilembedwa pa mzere woyamba wokha kuti zisawerengedwe kawiri.

Mmene zinalili patatha miyezi itatu

Nditabwerera patatha miyezi itatu ndinachitanso zimene ndinachita sabata yoyamba ija: ndinatenga maoda onse osatha, amene tsikulo analipo 38, n'kulondola katundu wa iliyonse ndi maso anga. Maoda 36 anali pamene ndandanda inkanena. Awiri anali atapakiridwa m'mawa womwewo, wopakira atasaina pa makhadi koma asanasinthe pa foni. Kulakwika kotereku sikundidetsa nkhawa ngati kwakale kuja, chifukwa ndandanda ikutsalira m'mbuyo mwa katundu, ndipo kasitomala angauzidwe mochedwa nkhani yabwino, osati kuuzidwa msanga chinthu chimene sichinachitike. Mtsikana wa pa kauntala akadali pa ntchito, ndipo amayankha mafoni osadzuka kukafunsa kuseri. Amayi a ku Mzuzu aja anaodanso.

Gawo limene silinakhazikike ndi lomaliza. Makasitomala ambiri akalandira katundu wabwino sayankha uthenga wofunsa ngati wafika, ndipo maoda amaunjikana pa `ILI PA ULENDO` ali ofiira, mpaka mwini shopu anayamba kuzolowera kufiirako, zimene ndi zoopsa chifukwa mtolo wosocheradi udzabisala pakati pawo. Iye anapempha kuti oda izisanduka yokha `YAFIKA` pakapita masiku 3. Ndinakana, pakuti kumeneko n'kubwereza cholakwika cha mtolo wa ku Mzuzu, kulemba chimene tikuyembekeza ngati kuti chachitika. Pakali pano wa pa kauntala amaimba foni tsiku lachiwiri, ndipo akalephera kupeza munthu kawiri amaimbira ofesi ya onyamula kufunsa ngati mtolo unasainiridwa, n'kulemba pa mzerewo kuti watsimikiza ndani. Izi zimamudyera pafupifupi theka la ola tsiku lililonse, ndipo m'nyengo yotsegulira sukulu, pamene maoda a mayunifomu amachuluka, mafoniwo amatsalira. Tagwirizana ndi mwini shopu kuti nyengo ikubwerayi tiyese kumata kapepala pa mtolo uliwonse kopempha wolandira kutumiza nambala ya oda pa WhatsApp, ndipo tidzawerenga kuti ndi angati amene adzatumize.